Nyumba ya amayi kwa Bembeke: zomwe milu itatu ya mchenga yatichita

9 Meyi

Zipupa zafika pa bimu, denga lakhomedwa, mafelemu onse ali m'malo. Chatsala ndi pulasitala mkati ndi kunja, konkire ya pakhonde, ndi mabuloko a kampanda ka kukhitchini. Pabwalo pali milu itatu. Woyamba ndi mchenga wa kumtsinje womwe unabwera pa lole kuchokera mbali ya ku Linthipe. Wachiwiri ndi wa kudambo, womwe anyamata anakumba kumunsi kwa mudzi n'kubwera nawo pangolo. Wachitatu ndi fumbi la kwale, lomwe amisiri amangolitchula kuti dasiti. Lidabwera chifukwa lole yomwe inatibweretsera miyala inali ndi malo, ndipo dalaivala ananena kuti ndi mchenga womwewo, kungoti wa makina.

Amisiri ayamba chipinda cha amayi lero ndi mchenga wa kudambo wokhawokha, thumba limodzi la simenti pa mawilibala atatu. Akuti umamata bwino, sugwa pachipande. Ndaona ndi maso anga, matope ake ndi ofewa ngati phala la ufa woyera, ndipo khoma likutuluka losalala mpaka kusangalatsa.

16 Meyi

Khoma lija lasweka. Si mng'alu umodzi wautali ngati wa maziko akamatsika ayi, ndi timing'alu tambirimbiri tolumikizana, ngati momwe pansi pa chithaphwi pamaonekera mu Okutobala madzi akaphwa. Likauma sitioneka kwenikweni. Ndinatizindikira m'mawa pomwe mnyamata amathirira khoma, chifukwa madzi amalowa m'timing'alumo n'kuchedwa kuuma, ndiye mizere yonse imaonekera yakuda. Nditagogoda ndi chala pafupi ndi zenera, malo awiri analira ngati chigubu chopanda kanthu, kusonyeza kuti pulasitala yasiyana ndi njerwa.

Ndinawaitana amisiri. Iwo anati, "Achimwene, simenti yake ndi imeneyi, ya masiku ano ilibe mphamvu. Tiwonjezere, tizipanga mawilibala awiri pathumba." Ndinakana, osati chifukwa cha ndalama zokha. Simenti yomweyi, yomwe nambala ya mphamvu yake pathumba ndi 32.5, ndi yomwe tinathirira bimu ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo bimuyo msomali sulowa. Chomwe chasintha ndi mchenga. Komanso ming'alu ya mtundu uwu imabwera matope akafota pouma, ndipo simenti ikachuluka kufotako kumawonjezeka, sikuchepa.

Ntchito ya pulasitala ndaiimitsa masiku awiri. Amayi sanakondwe nazo, akufuna kulowa m'nyumba kuzizira kusanafike pachimake.

17 Meyi

Lero ndinayesa milu yonse itatu m'mabotolo. Ndinatenga mabotolo atatu oonekera mkati, a mbali zoongoka. M'lililonse ndinathira mchenga kufika pakati, kenako madzi osungunuliramo mchere pang'ono, kasupuni kamodzi ka tiyi pa theka la lita, mpaka kutsala pang'ono kudzaza. Mcherewo umathandiza kuti dongo likhazikike msanga. Ndinakhutchumula mwamphamvu kwa mphindi imodzi n'kuwasiya pawindo maola atatu. Chofunika pano ndi kutapa mchenga mkati mwa mulu, osati pamwamba pomwe mphepo ndi mame zachotsa kale fumbi.

Mchenga weniweni umatsika nthawi yomweyo. Zosalala zimatsika pambuyo n'kukhala pamwamba pake ngati kamzere ka mtundu wina, ndipo kamzereko ndi komwe timayeza ndi lula.

Wa kumtsinje: mchenga mamilimita 100, kamzere ka pamwamba mamilimita 3, madzi oyera. Ndiye kuti 3 pa 100.

Wa kudambo: mchenga mamilimita 92, kamzere mamilimita 13, madzi akadali ofiirira ngakhale patatha maola atatu, tizidutswa ta mizu tikuyandama. Kugawa 13 ndi 92 kukupereka 14 pa 100. Malire omwe amatchulidwa kawirikawiri pa mayeso awa ali pakati pa 6 ndi 8 pa 100, choncho wathuwu wapitirira kawiri.

Fumbi la kwale ndi lomwe linandisokoneza. Kamzere kake kanali mamilimita 11 pa mchenga wa mamilimita 95, pafupifupi 12 pa 100, kutanthauza kuti pa lula likufanana ndi wa kudambo. Koma madzi ake anali atayera kalekale, ola limodzi lisanathe. Nditatsanula madzi ndinatapa zosalala za m'mabotolo awiriwa n'kuzifikisa pakati pa zala. Za kudambo zinamata, zinalola kupotedwa kukhala kachingwe kakang'ono, ndipo zitauma padzuwa zinakhala kanthu kolimba kong'aluka. Za kwale zinakana kupotedwa, ndipo zitauma zinangobwerera kukhala ufa. Apa ndiye ndinamvetsa kuti lula yokha imanama. Zosalala za m'dambo muli dongo, zosalala za kwale ndi mwala wopera. Dongo limamwa madzi n'kufufuma, likauma limafota. Ufa wa mwala sufufuma ndipo sufota, umangofuna madzi oti unyowe.

Amisiri anagwira kachingwe kadongo kaja n'kuseka. Anati, "Aka ndi kamene kamapangitsa kuti ntchito ikome m'manja." Akunena zoona. Dongo lomwe limasalalitsa matope pachipande ndi lomwelo lang'amba khoma.

18 Meyi

Mayeso achiwiri ndi omwe andiphunzitsa zambiri kuposa a m'botolo, ndipo ndiwalemba mwatsatanetsatane kuti wina akafuna awabwereze.

Dzulo ndinayanika mchenga wa mulu uliwonse papulasitiki mpaka unauma. Izi n'zofunika, chifukwa wa kumtsinje umabwera uli ndi madzi ake kale, ndipo ukaupikisanitsa ndi fumbi louma umaoneka ngati sufuna madzi pomwe wabwera nawo. Ndinabwereka sikelo kwa ogula mbatata ya kachewere pamsika. Pa mtundu uliwonse ndinayeza makilogalamu 12.5 a mchenga ndi makilogalamu 2.5 a simenti, kusakaniza zili zouma, kenako kuthira madzi pang'onopang'ono ndi botolo la theka la lita mpaka amisiri atanena kuti matope afika pomwe angaponyedwe pakhoma. Muyezo wake ndi uwu: mchenga wokwanira ndi malita 2.5 ndi wabwino, wofika malita 3 ndi wapakati, wofika malita 3.75 ndi wosathandiza, ndipo wopitirira pamenepo ndi woti usiyidwe.

Wa kumtsinje unakwanira ndi malita 2.5. Fumbi la kwale linafuna pafupifupi 3.2. Wa kudambo unamwa 3.7.

Chifukwa chake n'chosavuta kwa munthu amene anaphikapo. Thirani kapu ya madzi m'mbale ya mphale, madziwo amanyowetsa zonse n'kutsala pansi. Thirani kapu yomweyo m'mbale ya ufa wolemera chimodzimodzi, imatheratu ufa usananyowe theka. Kanthu kakaphwanyika tizidutswa tating'ono, malo oti anyowe amachuluka. Mchenga wa kumtsinje wayenda mtunda wautali ukugubuduzika, timiyala take tapereseka n'kukhala tobulungira, ndipo madzi othamanga anatenga zosalala n'kupita nazo kutsogolo. Timiyala totere timatsetsereka tokha pa tinzake, sitifuna madzi ambiri kuti matope ayende. M'dambo madzi amafika atatopa, amaima, ndiye amasiya zonse zomwe ananyamula, mchenga wosalala, dothi, dongo ndi zoola za udzu. Fumbi la kwale lachokera m'makina dzulodzulo, silinaperesedwe ndi chilichonse. Mukaliyang'anitsitsa pachikhatho, timiyala take tili ndi ngodya zakuthwa, tina n'tophwatalala, ndipo timakolana m'malo motsetsereka.

Nanga madzi owonjezerawo amalakwa chiyani? Simenti imagwiritsa ntchito madzi ochepa kuti iume, pafupifupi kotala la kulemera kwake, ndiye kuti malita 12 kapena 13 pa thumba la makilogalamu 50. Ena onse timathira kuti matope agwirike m'manja basi. Otsalawo amatuluka pouma, ndipo pomwe anali pamatsala timipata. Timipata tikachuluka mphamvu imachepa ndipo matope amafota. Pa njerwa zomangidwa kale pulasitala singafote momasuka chifukwa yagwira khoma, choncho imang'ambika.

Koma wa kumtsinje nawo sunapambane. Madzi ochepa ukufunadi, koma amisiri atauponya pakhoma theka linagwa pansi. Matope ake ndi okhakhala, salumikizana, ndipo titawasiya m'beseni mphindi khumi madzi anatuluka n'kuima pamwamba. Mulibe zosalala zokwanira zoti zigwire madzi. Pakhoma la njerwa zootcha, zomwe zimamwa madzi ngati munthu wochokera kumunda, matope otere amauma simenti isanagwire ntchito yake, ndipo mapeto ake ndi pulasitala yoyoyoka mukaikhula ndi dzanja.

19 Meyi

Tapanga zigawo zinayi zoyeserera pakhoma la kuseri, chilichonse mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kukhuthala pakati pa mamilimita 12 ndi 15. Zitatu ndi za milu itatu ija payokhapayokha. Chachinayi ndi chosakaniza: mawilibala awiri a kumtsinje, wosefedwa pa sefa ya mawaya kuti nsangalabwi zichoke, pa wilibala imodzi ya kudambo. Ndinawerengetsa kuti zosalala za msakanizowu zikhala 3 kuphatikiza 3 kuphatikiza 14, kugawa patatu, zomwe ndi pafupifupi 7 pa 100. Pa mayeso a madzi unafuna malita 2.9.

Khoma tinalithirira dzulo madzulo ndi m'mawa uno, kuti njerwa zikhale zonyowa koma zosadontha.

27 Meyi

Patha sabata imodzi tikuthirira m'mawa ndi madzulo. Cha kudambo chang'aluka ngati chipinda cha amayi. Cha kumtsinje chilibe mng'alu, koma chikuyoyoka m'mbali ndipo msomali ukusiya mzere wakuya. Cha fumbi la kwale ndi cholimba kuposa zonse, msomali ukungolira, koma pamwamba pali timing'alu tosalala ngati tsitsi. Amisiri avomera kuti analisalaza nthawi yaitali ndi chipande chachitsulo chifukwa limakana kuyenda, ndipo kusalaza kotero kumakokera ufa ndi madzi pamwamba n'kupanga kachikopa komwe kamafota kokha. Anawonjezera kuti, "Limeneli, achimwene, ngakhale mundilipire kawiri, nyumba yonse sindingamange nalo. Phewa lingathyoke." Chosakaniza chija chilibe mng'alu, chikulira molimba pochigogoda, ndipo msomali ukungokanda pamwamba.

Tagwirizana kuti pulasitala yonse ikhala ya awiri pa mmodzi. Mkati thumba limodzi pa mawilibala atatu osasefukira, odulidwa ndi thabwa pamwamba. Kunja thumba pa mawilibala awiri ndi theka, poti mvula ya kuno imamenya khoma cham'mbali. M'chipinda cha amayi tagumula malo onse olira ngati chigubu. Anyamata ndawauza kuti akakakumbenso kudambo achotse kaye dothi lakuda la pamwamba lonse mpaka mizu ithe, chifukwa zoola zimachedwetsa simenti kugwira. Si dambo lililonse lomwe lili ngati lathuli. Malume anamanga ku Lizulu ndi wa kudambo wokhawokha ndipo khoma lawo lilibe vuto, koma nditaika mchenga wawo m'botolo unangopereka 6 pa 100.

4 Juni

Pulasitala ya mkati yatha zipinda ziwiri. Palibe chachilendo.

10 Juni

Konkire ya pakhonde. Mchenga wa kumtsinje wachepa, ndipo mwini lole akuti abwera sabata ya mawa, mawu omwe ananenanso sabata yatha. Amisiri anaganiza zoti tigwiritse ntchito fumbi la kwale lokhalokha, poti mulu wake sunakhudzidwe. Tinayesa mtanda umodzi: thumba limodzi, wilibala imodzi ya fumbi, mawilibala awiri a miyala. Wilibala yathu ndi ya malita 65 ndipo thumba la simenti ndi pafupifupi malita 33, choncho uwu ndi muyezo wa 1:2:4, gawo limodzi la simenti pa awiri a mchenga ndi anayi a miyala.

Ndi mchenga wa kumtsinje, pa bimu, tinkathira ndowa imodzi ya malita 20 ndi kotala yake, malita 25, kuphatikiza madzi omwe mchengawo unali nawo kale, mwina malita anayi. Ndi fumbi, malita 25 anangosowa. Konkire inali yowuma, yokana fosholo. Mnyamata wosakaniza, osafunsa munthu, anathira theka la ndowa ina n'kufika malita 35. Itayalidwa inaoneka bwino, koma ndinaikana. Kuchoka pa malita 29 kufika pa 35 pa simenti yomweyo kumadya mphamvu ya konkire moonekeratu, ndipo pakhonde, pomwe pazidzakokedwa matumba a chimanga, pangayambe kutuluka fumbi chaka chisanathe. Mtanda umenewo tautsanulira pansi pa masitepe a kuseri ngati chodzazira.

Apa pali chinthu chomwe anthu amasemphana. Fumbi la kwale silipanga konkire yofooka palokha. Ngodya zake zimagwirana bwino ndi simenti, ndipo madzi akakhala ofanana, konkire yake imalimba ngati ya mchenga wa kumtsinje, mwinanso kuposa. Vuto ndi loti pamalo ngati pano, pomwe timasakaniza ndi fosholo pansi n'kutsendera ndi thabwa, palibe amene angapirire konkire youma chotero, ndiye madzi amawonjezedwa mobisa. Omanga zikuluzikulu ali ndi makina onjenjemeretsa konkire komanso mankhwala ofewetsera popanda kuwonjezera madzi. Ife tilibe.

Tinayesanso theka la wilibala ya fumbi ndi theka la kumtsinje. Inakwanira ndi malita 28, ndipo inagwirana bwino kuposa ya kumtsinje yokha, yomwe imakonda kulekana miyala kwina madzi kwina. Ufa wa mwala unatseka mipata yomwe mchenga wokhakhala umasiya. Khonde lonse tathira chotero, masentimita 10 kukhuthala. Wa kudambo sunayandikire konkire ngakhale pang'ono. Mu pulasitala dongo lochepa lili ndi ntchito, koma mu konkire limakuta miyala ndi timiyala n'kuletsa simenti kugwira mwala weniweni.

11 Juni

Chinthu chimodzi ndinaiwala kulemba dzulo. Mchenga wa kumtsinje wotsalawu ndi wonyowa chifukwa unali pansi pa mulu. Mchenga wonyowa pang'ono umafufuma, poti madzi amatalikitsa timiyala. Ndinadzaza chitini mpaka mamilimita 200 osatsendera, kenako ndinathira madzi mpaka kumiza n'kuvundula, ndipo mchenga unatsika kufika pa 165. Ndiye kuti wilibala yodzaza ya mchenga wonyowa ili ndi mchenga wocheperapo ndi gawo limodzi mwa asanu kapena asanu ndi limodzi. Tinkadzaza mosefukira pang'ono kuti tibwezere. Fumbi linali louma, silinafune zimenezi.

Usiku kwazizira kwambiri, mame ambiri pamalata. Konkire yachedwa kugwira, m'mawa chala chimasiyabe chizindikiro. Amisiri anayamba kukayikira fumbi, koma ndi kuzizira kwa Dedza mu Juni, simenti imagwira pang'onopang'ono kukazizira. Taphimba ndi pulasitiki ndi udzu pamwamba, ndipo tithirira masiku khumi m'malo mwa asanu ndi awiri.

19 Juni

Fumbi lotsala lapeza ntchito yake. Taumba mabuloko a kampanda pa chikombole chachitsulo, thumba limodzi pa mawilibala atatu ndi theka. Pano kukolana kwa ngodya kuja, komwe kunatopetsa amisiri pakhoma, ndi komwe tikufuna. Matope a buloko amakhala ouma, ongoti ukafinya m'dzanja agwirane osatulutsa madzi, ndipo amatsenderedwa mwamphamvu, choncho palibe chifukwa chowonjezera madzi kuti ayende. Tikangochotsa chikombole buloko likuima lokha, ngodya zake zili zakuthwa. Tinayesa asanu ndi mchenga wa kumtsinje wokha kuti tione, awiri anagumuka m'mbali pochotsa chikombole.

Pansi pa mulu wa fumbi pali ufa wambiri kuposa pamwamba, chifukwa zosalala zimatsika mulu ukamagwedezeka ndi kunyowa. Mawilibala omalizira tinawasakaniza ndi nsangalabwi zing'onozing'ono zomwe zinatsala pa sefa ija.

26 Juni

Lole yabwera, koma mchenga wake si uja woyamba. Dalaivala akuti akumba malo ena, kumunsi kwa pokhota mtsinje. Ndi wosalala kwambiri ndipo ukunyezimira padzuwa, muli tizidutswa tophwatalala ngati mamba a usipa tomwe timamatirira pachikhatho. Timeneti timachokera m'miyala ina ya m'mapiri, ndipo tikachuluka timafuna madzi ambiri n'kufooketsa matope. M'botolo wapereka 7 pa 100, osati 3. Ndikausakaniza awiri pa mmodzi ndi wa kudambo, zosalala zifika pa 9 kapena kuposa, ndiye muyezo wathu wa mwezi watha sugwiranso ntchito pa mulu uwu.

Ndayanika makilogalamu 30 papulasitiki kuti mawa tiyese madzi, wokhawokha komanso wosakaniza anayi pa mmodzi. Amisiri ndawapempha kuti m'mawa ayambe ndi kumanga kampanda, khoma la kunja lidikire kaye zigawo ziwiri zatsopano zoyeserera. Sikelo ija ndikaibwerekenso pamsika isanakwane 7 koloko, eni ake asanayambe kugula mbatata.